Kufotokoza Matenda kwa Dokotala m'Cifalansa

Lero tiphunzira mau a Cifalansa ochula ziwalo za thupi ndi matenda amene timadwala kawirikawiri, kuti munthu akaima pamaso pa dokotala wolankhula Cifalansa athe kunena cimene cikumubvuta.

Kapena wina afunsa kuti, kodi mwana wa m'Zambia angakumane kuti ndi dokotala wotere? Si kutali ai. Kumpoto kwa dziko lathu kuli dziko la Congo, limene linkachedwa Zaire kuyambira mu 1971 kufikira mu 1997. Kumeneko cinenero ca boma, ca masukulu ndi ca makalata a m'zipatala ndi Cifalansa. Anthu athu amaoloka malire tsiku ndi tsiku pa Kasumbalesa kupita ku Lubumbashi, ndipo amene acoka ku Mufulira kupita ku Mansa amalowa m'Congo pa Mokambo ndi kuturukira pa Chembe, pa mtsinje wa Luapula. Nzoona kuti ku Lubumbashi anthu ambiri amalankhula Ciswahili, ndipo ena amamva Cibemba. Koma mwana wa ku Chipata, ku Katete kapena ku Petauke sadziwa zinenero zimenezo, ndipo kalata ya mankhwala imene adzapatsidwa idzalembedwa m'Cifalansa. Matenda sapereka nthawi yakuti munthu akafune womasulira.

Mau amene tiphunzira ndi owerengeka. Cimene ndifuna kuti mugwiritse ndi ici: m'Cinyanja tiri ndi mau ena amene liu limodzi limanyamula zinthu ziwiri kapena zitatu, pamene Cifalansa ciri ndi liu lace la cinthu ciri conse. Motero musanatsegule pakamwa kunena Cifalansa, muyenera kuyamba mwadzifunsa m'cinenero canu kuti kweni-kweni cikukupwetekani nciani.

Tiyambe ndi ciganizo cimene ciri ngati mzati wa phunziro lonse. Ife timati, "Mutu ukundiwawa." Onani kuti m'ciganizo cathu mutu ndiwo ukucita nchito, munthu angolandira. Mfalansa sanena motero. Iye amati ali ndi ululu, ndipo amachula malo pamene pali ululuwo. Amati J'ai mal à la tête, ndiko kuti "ndiri ndi ululu ku mutu." Kachulidwe kace ndi "zhe mal a la tet." Liu loyambalo liri pakati pa z ndi sh, nenani sh, kenaka lolani kuti pakhosi panjenjemere monga mucitira ponena z. Aphunzitsi, lembani J'ai mal pa bolodi ndi zilembo zazikulu, ndipo musafafanize kufikira phunziro litatha.

Tsono pambuyo pa J'ai mal pamabwera kaliu kamene kamasintha, ndipo ana ambiri amakhumudwa pomwepa. Koma kwa ife siciyenera kukhala cacilendo. Timati mutu ukuwawa, diso likuwawa, cala cikuwawa, mano akuwawa. Dzina liri lonse liri ndi gulu lace, ndipo mau otsatira amagwirizana nalo. Magulu athu ndi ambiri, koma a Cifalansa ndi awiri okha: maina a la ndi maina a le. Acikuru a galamala amawacha acikazi ndi acimuna, koma musabvutike ndi maina amenewo, cifukwa mutu wa mwamuna ndi la tête, ndipo mkono wa mkazi ndi le bras.

Dzina la gulu la la silibvuta. Mwendo ndi la jambe, ndiye timati J'ai mal à la jambe. Dzanja ndi la main, timati J'ai mal à la main. Dzina la gulu la le ndilo limasintha: à ndi le saima pamodzi, amasanduka au, amene timachula "o." Msana ndi le dos, ndipo s wa kumapetoyo samveka, timati J'ai mal au dos, "zhe mal o do." Phazi ndi le pied, J'ai mal au pied. Bondo ndi le genou, J'ai mal au genou. Ziwalo zikakhala zambiri, kaliuko kamalembedwa aux, koma kamamvekabe "o." Mano ndi les dents, J'ai mal aux dents. Ndipo dzina likayamba ndi a, e, i, o kapena u, timadula: khutu ndi l'oreille, J'ai mal à l'oreille.

Diso liri ndi mkhalidwe wace-wace. Limodzi ndi l'œil, koma awiri ndi les yeux, mau osafanana konse. Nafenso timati diso, maso, dzino, mano. Palibe cifukwa codandaulira.

Onaninso kuti Mfalansa sanena kuti mutu wanga kapena mwendo wanga m'ciganizo cimeneci. Popeza wanena kale kuti ululu uli ndi iye, mwini mutu wadziwika. Ngati dzina la ciwalo mwaliiwala, musakhale duu. Lozani ndi cala ndi kunena J'ai mal ici, "pakundiwawa apa." Kumanja ndi à droite, kumanzere ndi à gauche. Dokotala amafuna kudziwa mbali, maka-maka pa ululu wa m'mimba, cifukwa ziwalo za kumanja si zimene ziri kumanzere.

Tsopano tifike pa mau athu aja onyamula katundu wambiri. Loyamba ndi cifuwa. Mnyanja akati "ndiri ndi cifuwa," sali kutiuza kuti ali ndi nganga ndi nthiti, pakuti ali yense ali nazo. Ali kunena kuti akutsokomola. Akati "m'cifuwa mukundiwawa," ali kunena za ciwalo. Akati "cifuwa cacikuru," ali kunena nthenda ina yoopsa. Mwana amene atsegula buku lomasulira mau napeza kuti cifuwa ndi la poitrine, nakauza dokotala kuti J'ai la poitrine, wangonena kuti ali ndi ciwalo, ndipo dokotala adzamuyang'ana modabwa. M'Cifalansa ciwalo ndi la poitrine, "la pwatrin." Kutsokomola ndi la toux, "la tu," ndipo njira yapafupi ndi kunena Je tousse, "zhe tus," ndikutsokomola. Cifuwa cacikuru ndi la tuberculose. Dzina lotsirizali si la wodwala kudzipatsa yekha. Amene amalichula ndi dokotala atapima makhololo, amene m'Cifalansa ndi les crachats. Gawo la wodwala ndi kunena kuti watsokomola nthawi yotani, ndiponso ngati m'makhololo muli magazi, du sang. Kutsokomola kopitirira masabata awiri kumacititsa dokotala kuganiza za cifuwa cacikuru, ncifukwa cace masikuwo ayenera kunenedwa moona.

Cimfine wamba, ca mamina ndi kuyetsemula, ndi le rhume: J'ai un rhume. Cimfine cacikuru cija cophwanya m'thupi ndi kugoneka munthu pansi ndi la grippe. Khosi nalonso ligawika pawiri. Kunja, kumene timabvala mkanda, ndi le cou, "le ku." M'kati, pamene pamawawa pomeza, ndi la gorge. Mwana wa zironda za kum'mero anene J'ai mal à la gorge. Koma khosi louma, lokanika kuwerama, pamodzi ndi kutentha thupi ndi mutu, ndi nkhani ina yofuna cangu. Pamenepo timati J'ai le cou raide, ndipo munthu wotere sadikira mawa.

Liu laciwiri ndi malungo, ndipo apa ndikhalitsa pang'ono, cifukwa ndilo limasokeretsa anthu ambiri, acikulire omwe. Kumudzi thupi likangotentha, kapena m'mfundo mukangophwanya, timati "ndadwala malungo." Liu lomwelo ndilo timachulira nthenda yobwera ndi udzudzu. Koma zinthuzi nziwiri. Kutentha thupi ndi cizindikiro cabe, monga utsi. Moto ungakhale wa udzu, wa nkhuni kapena wa nyumba. Cibayo cimatenthetsa thupi, zironda za kum'mero zimatenthetsa thupi, cikuku, mafinya a m'khutu, zonsezi zimatenthetsa thupi. Cifalansa cimasiyanitsa bwino. Kutentha thupi ndi la fièvre, "la fyevr." Nthenda ya udzudzu ndi le paludisme, ndipo ku Congo mudzamvanso ambiri akuti la malaria.

Maina awiriwa ali ndi mbiri yokondweretsa. Paludisme licokera ku liu la Cilatini lotanthauza dambo la madzi osayenda, ndipo malaria licokera ku mau a Citaliyana otanthauza mpweya woipa. Akale a ku Ulaya anaona kuti okhala pafupi ndi madambo ndiwo amadwala kwambiri, nayesa kuti cifukwa cace ndi mpweya wonunkha. Anaona malo oyenera koma anaphonya mwini mlandu. Mu 1880 dokotala wa asilikali a France, Alphonse Laveran, anaona tizirombo ta malungo m'magazi a wodwala ku Constantine, m'dziko la Algeria, ndipo mu 1897 Ronald Ross anatipeza m'mimba mwa udzudzu ku India.

Nanga muuze ciani dokotala? Muuzeni cimene mukumva, osati dzina la nthenda imene mukuganiza. Nenani J'ai de la fièvre, thupi likutentha. Ngati mukunjenjemera ndi kuzizidwa, onjezani J'ai des frissons. Mukalowa ndi kunena J'ai le paludisme, mwaweruza mlandu mboni zisanalankhule, ndipo wopima amene watopa ndi mzere wautali angakhulupirire mau anu, pamene bvuto lanu ndi cibayo. Malungo eni-eni amadziwika popima kadontho ka magazi a ku cala. Kupima kwa pa galasi, koyang'ana ndi makina okuza zinthu, amakucha la goutte épaisse, ndiko kuti dontho lokhuthala. Kupima kwa msanga kwa pa kacipangizo ka pulasitiki amati le test rapide. Cenjeraninso ndi J'ai chaud. Mauwa angotanthauza kuti mukumva kutentha monga munthu amamvera m'mwezi wa Okutobala, ndipo si matenda. Thupi la munthu wabwino limakhala pafupi ndi madigiri 37. Likafika 38 kapena kupitirira, imeneyo ndiyo la fièvre.

Liu lacitatu ndi mtima. Pamenepa msampha uli mbali zonse ziwiri. Ife mtima timausenzetsa zambiri: cisoni ndi mtima, mkwiyo ndi mtima, ngakhale cilungulira ena amati "pamtima pakutentha." Afalansa nawonso sanaleke kuusenzetsa. Mtima ndi le cœur, ndipo mwa lamulo tinaphunzira lija mungayese kuti J'ai mal au cœur ndiko kuti mtima ukupweteka. Iai. M'kalankhulidwe ka masiku onse mau amenewa atanthauza kuti munthu ali ndi mseru, afuna kusanza. Mwana wa ku France amene wazunguzika m'basi ndiye amanena zimenezi. Tsono taganizani za agogo amene akumva cinthu colemera cikuwapanikiza m'cifuwa, thukuta liri kamu-kamu, mdzukulu wao nawamasulira kuti mal au cœur. Namwino angaganize za m'mimba, pamene nthenda iri pa mtima weni-weni, ndipo nthenda ya mtima siicedwa.

Uphungu wanga ndi wakuti mauwa muwadziwe kuti muwamve ena akawanena, koma inu musawagwiritse nchito konse. Ngati muli ndi mseru, nenani J'ai envie de vomir, ndifuna kusanza. Ngati ululu uli m'cifuwa, nenani J'ai une douleur dans la poitrine, dzanja liri pomwepo. Ngati mtima ukugunda mofulumira, nenani Mon cœur bat vite. Cilungulira ndi des brûlures d'estomac, kunena kwace kupsa kwa cifu.

Za m'mimba tidutsa msanga, ngakhale pano liu lathu ndi lotakata. "Ndadwala m'mimba" kungakhale kupotokola, kutsegula, kapena kudzimbidwa. Mimba yonse ndi le ventre, ndipo ululu wace ndi J'ai mal au ventre. Kutsegula m'mimba ndi J'ai la diarrhée. Kudzimbidwa ndi Je suis constipé. Cimbudzi m'cinenero ca cipatala ndi les selles, liu laulemu limene mungalinene pamaso pa munthu ali yense popanda manyazi. Kamwazi mungamufotokoze ponena kuti Il y a du sang dans les selles, m'cimbudzi muli magazi. Ananu, ndidziwa kuti ena mukuseka. Sekani lero m'kalasi, kuti tsiku lofunika mudzanene mosagwidwa pakamwa.

Dokotala akamva malo a ululu, funso lace laciwiri ndi la nthawi: Depuis quand ? Kuyambira liti? Yankho limayamba ndi liu lomwelo. Depuis hier, kuyambira dzulo. Depuis ce matin, kuyambira m'mawa uno. Depuis trois jours, papita masiku atatu ndipo sikunaleke. Depuis deux semaines, masabata awiri. Liu lakuti depuis limanena cinthu cimene cinayamba kale ndipo cikali kucitika, ncifukwa cace ciganizo cimakhala ca nthawi ino: Je tousse depuis deux semaines.

Pali liu lina limene ana amalisokoneza ndi limeneli, ndilo pendant. Ili limayesa utali wa nthawi kucokera poyamba kufika pothera, ndipo mudzalipeza pa kalata ya mankhwala. Depuis cinq jours ndi mau a wodwala, onena za masiku 5 amene wabvutika. Pendant cinq jours ndi mau a dokotala, onena za masiku 5 amene muyenera kumwa mankhwala. Kalatayo ndi l'ordonnance. M'bulu wa mankhwala ndi un comprimé. Mukaona un comprimé trois fois par jour pendant cinq jours, ndiko kuti m'bulu umodzi, katatu pa tsiku, kwa masiku 5. Yonse pamodzi ndi mibulu 15. Aphunzitsi, pamenepa pali samu yabwino ya pa bolodi. Avant le repas ndi musanadye, après le repas ndi mutadya; mau awiriwa ayamba ndi cilembo cimodzi, ndipo diso lofulumira lingawasinthanitse.

Inu amene mukuphunzira Cingerezi, cenjerani ndi le médecin. Liuli lifanana ndi liu la Cingerezi la mankhwala, koma m'Cifalansa ndi munthu, dokotala mwini. Mankhwala ndi le médicament. Mwana amene anena kuti wameza médecin wameza dokotala.

Tsopano tiike zonsezi pamodzi m'citsanzo cimodzi, cimene mungacisewere m'kalasi. Mai wina wa ku Chipata wapita ku Lubumbashi kukaona m'bale wace, ali ndi mwana wamwamuna wa zaka ziwiri kumbuyo. Usiku wacitatu mwana watentha thupi, wasanza kawiri, ndipo sakudya. M'mawa mai apita naye ku kacipatala ka pafupi, kamene pa khomo palembedwa centre de santé.

Poyamba onani za ulemu. Cifalansa ciri ndi tu ndi vous, monga ife tiri ndi iwe ndi inu. Kwa dokotala, kwa namwino ndi kwa wamkuru ali yense timati vous. Dokotala polankhula ndi mwana angati tu. Onaninso kuti mai sakunena za iye mwini, motero J'ai asanduka Il a ngati mwana ndi wamwamuna, Elle a ngati ndi wamkazi. Ife timangoti "iye" kwa onse, koma Mfalansa amasiyanitsa.

Mai apereka moni: Bonjour, docteur. Mon enfant est malade. Moni adokotala, mwana wanga wadwala.

Dokotala afunsa: Qu'est-ce qu'il a ? Cikumubvuta nciani?

Mai ayankha: Il a de la fièvre. Il vomit. Thupi likutentha, ndipo akusanza.

Depuis quand ?

Depuis hier soir. Kuyambira dzulo madzulo.

Combien de fois ? Kangati?

Deux fois. Kawiri.

Est-ce qu'il tousse ? Kodi akutsokomola?

Non, docteur.

Est-ce qu'il a la diarrhée ?

Non.

Est-ce qu'il boit ? Kodi akumwa?

Oui, il boit un peu, mais il ne mange pas. Inde, akumwa pang'ono, koma sakudya.

Taimani pamenepa, tione cimene mai wacita bwino. Sanachule dzina la nthenda. Wanena zinthu zimene maso ace aona: kutentha, kusanza, kusadya. Wanena nthawi, wanena kangati. Ngakhale mayankho ace akuti non ali ndi phindu, cifukwa akuthandiza dokotala kucotsa matenda ena m'maganizo mwace. Funso lakuti kodi akumwa si la masewera. Mwana amene sangathe kumwa kapena kuyamwa, amene akusanza ciri conse colowa m'kamwa, amene wagwidwa ndi cikomokomo cogwedeza thupi, kapena amene ali lefu osadzuka, ali pangozi yaikuru. Mai wotere asakhale pa mzere. Apite kutsogolo anene C'est urgent, nzofulumira, ndipo aonjeze Il ne peut pas boire, sangathe kumwa, kapena Il vomit tout, akusanza zonse, kapena Il a des convulsions, akukomoka ndi kugwedezeka. Aphunzitsi, ngati ana anu adzaiwala zina zonse, mau anai amenewa asawaiwale.

Tibwerere kwa mai uja. Dokotala afunsa: Quel âge a-t-il ? Ali ndi zaka zingati? Mfalansa amati munthu ali ndi zaka, monga momwe ife timanenera: Il a deux ans. Koma pano pali dzenje. Deux ndi 2, douze ndi 12. Paokha amamveka mosiyana pang'ono, koma akakumana ndi ans, x wa deux amadzuka namveka ngati z, ndipo zaka 2 ndi zaka 12 zimasiyana ndi kaliu kamodzi ka pakati. Kwa douze milomo ikhale monga ponena "du." Kwa deux songolani milomo monga wofuna kuliza mluzu, koma lilime linene "de." Dokotala amene akuona mwana sangasokonezeke, koma wogulitsa mankhwala amene mwana sanamuone angathe, ndipo muyeso wa mankhwala a mwana umatsata zaka ndi kulemera kwace. Cimodzi-modzi trois ndi treize, 3 ndi 13. Six ndi seize, 6 ndi 16. Mankhwala a bvutoli ndi apafupi: imikani zala, kapena lembani nambala pa pepala. Manambala olembedwa ndi amodzi m'zinenero zonsezi. Ndipo mukamva anthu a ku Congo akuti septante ponena 70 ndi nonante ponena 90, pamene buku lanu liri ndi mau ena, sanalakwe; anatengera kwa Abelijiyamu, amene analamulira dzikolo kufikira mu 1960.

Atatha mafunso, dokotala amapima, ndipo amalamula. Mau awa simufunika kuwanena, koma kuwamva ndi kucita. Ouvrez la bouche, yasamulani. Tirez la langue, turutsani lilime. Respirez, pumani. Toussez, tsokomolani. Nthawi zina dokotala amaika manja pa msana wa wodwala wamkuru nati Dites trente-trois, nenani 33. Musayese kuti akuyesa masamu anu. Mauwa amanjenjemeretsa cifuwa, ndipo manja a dokotala amamva ngati mbali zonse ziwiri za mapapu zikunjenjemera mofanana. Kacipangizo kaja kamene amaika m'makutu pomvetsera m'cifuwa anakayambitsa ndi dokotala wa ku France, René Laennec, mu 1816, ndipo koyambako kanali kampope ka mtengo komvetsera ndi khutu limodzi.

M'citsanzo cathu, mwana alasidwa pa cala, magazi apimidwa, ndipo namwino ati Le test est positif, tizirombo ta malungo tapezeka. Positif si uthenga wakuti zinthu ziri bwino. Ndi wakuti cimene amafuna acipeza. Négatif ndiye kuti sanacipeze. Mai alandira ordonnance. Dokotala afunsanso: Est-ce qu'il est allergique à un médicament ? Kodi alipo mankhwala amene amamuwenga? Ngati mwana anaturukapo zidzolo kapena anatupa atamwa mankhwala ena, apa ndi ponenera, ndipo ndi bwino kuonetsa khadi la ku cipatala ca kwanu ngakhale lalembedwa m'Cingerezi, cifukwa maina a mankhwala ambiri amafanana m'zinenero ziwirizi.

Kenaka dokotala afotokoza kamwedwe, koma alankhula mofulumira. Pano anthu athu ambiri amagwa cifukwa ca ulemu. Tinaleredwa kuti wamkuru akalankhula tibvomere, motero timati oui, oui, pamene sitinamve kanthu. M'cipatala ulemu wotere umapweteka mwana. Mai wathu ati Je ne comprends pas, sindikumva. Parlez lentement, s'il vous plaît, conde lankhulani pang'ono-pang'ono. Écrivez, s'il vous plaît, conde lembani. Kenaka abwereza yekha zimene wamva, akuwerenga ndi zala, kufikira dokotala atagwedeza mutu.

Aphunzitsi, phunziroli musaliphunzitse tsiku limodzi. Ine ndiona kuti mau 6 kapena 8 pa tsiku akwanira mwana wa ku pulaimale, popeza ambiri adzayamba Cifalansa ceni-ceni ku sekondale. Jambulani munthu pa bolodi, ndipo maina a la muwalembe ndi coko ca mtundu wina, a le ndi ca mtundu wina. Musalole mwana kuloweza dos payekha. Aloweze le dos, pakuti kaliu kakutsogoloko ndiko kadzamuuza ngati anene au kapena à la. Gwirani ciwalo canu, ana anene ciganizo conse. Kenaka nenani ciganizo, ana agwire ciwalo. Nthawi zina muwanyenge, gwirani bondo mukunena la tête, muone amene akumvetsera ndi makutu ndi amene akungotsata dzanja lanu.

Akazolowera, ikani mpando kutsogolo. Mwana mmodzi akhale dokotala, wina wodwala. Inu munong'oneze wodwalayo ciganizo ca Cinyanja cokhala ndi limodzi la mau athu aja, monga "ndiri ndi cifuwa," "ndadwala malungo," "pamtima pakutentha," kapena "ndadwala m'mimba." Asanayankhe dokotala, ayambe wauza kalasi m'Cinyanja cimene akutanthauza: kutsokomola kodi, kapena ululu? Kutentha thupi kokha? Mseru, kapena cilungulira? Akasankha, anene m'Cifalansa, ndipo dokotala amufunse Depuis quand ? Wodwala akayankha nambala, aimike zala, kalasi yonse iwerenge ngati zala zikugwirizana ndi pakamwa.

Tsalani bwino aphunzitsi, tsalani bwino ana.